Timahedifoni tafa pasanathe miyezi itatu, kalata yopita kushopu ilembedwe bwanji?

"Achimwene, ndinagula timahedifoni ta bulutufu pa K45,000 m'mwezi wa Malichi. Pano ka kumanzere sikakuyakanso, ka kumanja kakumathima pakangotha mphindi khumi. Pabokosi analemba kuti waranti ndi miyezi 12, ndipo lisiti ndili nalo. Kushopu akungoti abwana kulibe. Ndikufuna kuwalembera kalata kuti andipatse tina, koma ndikuopa kuoneka wamwano. Ndiyambe bwanji?"

Achemwali, mawu anu omalizawo ndi amene andikhudza kwambiri, chifukwa mantha amenewo nanenso ndikuwadziwa. Ambirife tinaleredwa kuti kubwerera kwa wogulitsa ndi katundu m'manja n'kuyambitsa mkangano, ndiye timalowa m'shopu ndi "pepani" pakamwa ngati tabwera kudzapempha ngongole. Koma inu munapereka ndalama yonse, iwo anakupatsani chinthu chimene chagwira ntchito kotala chabe la nthawi imene analonjeza. Amene ali ndi ngongole pamenepa ndi iwowo.

Zanga zinachitika ku Limbe. Ndinagula timahedifoni m'shopu yooneka bwino, yamagalasi, yokhala ndi anyamata ovala yunifomu. Ndinkatigwiritsa ntchito m'minibasi popita kuntchito komanso poyankha mafoni manja akatanganidwa. Tsiku lina m'mawa nditsegula kabokosi kake kotchajira, kamodzi kayatsa kanyali kake monga mwa masiku onse, kanzake kangoti zii. Ndinapukuta, ndinatchaja usiku wonse, ndinasintha chingwe, osatheka.

Nditapita nato kushopu, mnyamata wa pakauntala sanatiyese n'komwe. Anangotitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Bwana, apa mwina munanyowetsa." Ndinamufunsa kuti waona chiyani chosonyeza madzi. Sanayankhe, anaitana mnzake. Mnzakeyo anati nditisiye akaonetse kwa amisiri awo. Nditapempha kuti alembe papepala kuti alandira katundu wanga, onse anayang'anizana, kenako anati wolemba mapepala ndi abwana, ndipo abwana atuluka. Ndinabwerera nato kunyumba. Ulendo wotsatira abwana anali ku Lilongwe. Wotsatiranso anandiuza kuti akudikira yankho kuchokera kwa amene amawatumizira katundu wochokera kunja. Nthawi yonseyi ndimalipira minibasi, ndimapempha chilolezo kuntchito, ndipo masiku a waranti amangopita.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali kuona mayi wina wachikulire amene anabwera ndi foni yosatchaja. Anamuloza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mayiyo anawerenga, anagwedeza mutu, anakulunga foni yake m'nsalu n'kutuluka mwaulemu. Anakhulupirira kuti chikwangwanicho ndi lamulo.

Sichoncho ayi. Bungwe la boma loona za chilungamo pamalonda la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoliti CFTC, lakhala likunena mobwerezabwereza kuti wogulitsa saloledwa kudzichotsa pamlandu wa katundu wowonongeka pongopachika mawu otere pakhoma kapena kuwasindikiza palisiti. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo mu 2024 panabweranso lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pamalonda, lolowa m'malo mwa lakale la 1998. Ndinenetse apa: shopu imene imasiyabe chikwangwani chimenecho pakhoma imadalira kuti anthu ngati mayi uja sadziwa, ndipo ine sindiguleko kanthu ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Nkhani yoti "tikudikira a kunja" nayonso ndimaikana. Inu simunagule kwa munthu wa ku Dubai kapena ku Guangzhou, simukumudziwa, ndipo dzina lake silili palisiti lanu. Mgwirizano wanu uli ndi amene analandira ndalama yanu. Ngati iwo ali ndi zokambirana ndi amene amawagulitsa katundu, akambirane okha, inu atakupatsani kale chanu. Anyamata a pakauntala sindiwaimba mlandu kwenikweni. Ambiri alibe mphamvu yosintha katundu, ndipo ena amaopa kuti akalola, adulidwa malipiro. N'chifukwa chake kukangana nawo pakamwa kulibe phindu. Mawu a pakamwa amathera pakauntala pomwepo, pomwe kalata yokhala ndi deti imayenera kukafika patebulo la munthu wolamula. Ineyo zinasintha nditapereka kalata ndi kupempha kuti asaine pa kope yanga. Abwana amene ankasowa aja anandiimbira okha foni sabata yomweyo.

Musanalembe, tsimikizani kaye kuti tafadi, chifukwa akangotiyesa n'kuona tikuyaka, kalata yanu yagwa mphwayi. M'kabokosi kotchajira muli timisomali ting'onoting'ono tachitsulo timene timakhudzana ndi timadontho tachitsulo pa kahedifoni kalikonse. Thukuta, fumbi ndi phula la m'khutu zikamatirira pamenepo, magetsi sadutsa, ndipo kahedifoni kabwinobwino kamaoneka ngati kakufa. Pukutani ndi kathonje kouma, osathira madzi. Kenako tchajani kabokosiko ndi chingwe china kwa maola awiri, fufutani dzina la timahedifonito pa Bluetooth ya foni yanu n'kulumikizanso, ndipo yesaninso pafoni ya munthu wina. Ngati kabuku ka m'bokosi kakufotokoza njira yotiyambitsiranso, itsatireni. Zonsezi zikalephereka, vuto lili m'kati.

Zimene mwafotokozazi zikuloza kubatire. Kahedifoni kalikonse kali ndi batire lake laling'ono kwambiri, lotha kukwana pa chikhadabo. Batire la mtundu umenewu limayenera kupirira kutchajidwa maulendo mazanamazana lisanayambe kufooka. Pa miyezi itatu, ngakhale mutatchaja tsiku ndi tsiku, simunafike n'komwe pa maulendo 100. Choncho kahedifoni kothima pakatha mphindi khumi sikanakalambe chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Batire lake linali lofooka kuchokera kufakitale, kapena linakhalitsa m'sitolo lili lopanda moto mpaka kuwonongeka. Mfundo imeneyi ndi yanu, ndipo muziinena molimba mtima.

Koma chonde, musapite nato kwa okonza mafoni a kumsika. Ndikudziwa kuti pali anyamata aluso kwambiri amene amadzutsa foni yoti aliyense anaitaya mtima. Vuto ndi lakuti timahedifoni timamatidwa ndi guluu, ndipo potsegula pamatsala chipsera. Shopu ikaona chipseracho yapeza chifukwa chokukanirani, ndipo pamenepo imakhala ikulondola, chifukwa pafupifupi waranti iliyonse imatha katundu akatsegulidwa ndi munthu wapadera. Chimodzimodzinso ngati tinagwera m'madzi, tinachapidwa m'thumba la thalauza, tinasweka, kapena kamodzi kanatayika. Ena amanamizidwa ndi chizindikiro cha IPX4 pabokosi. Chimangotanthauza kuti timapirira madzi odontha kapena owazika, osati kumizidwa m'beseni. Ngati chimodzi mwa izi chinachitika, kalata siikuthandizani, ndipo sindingakulangizeni kuti mubise.

Za lisiti

Lijambuleni lero lomwe. Malisiti ambiri otuluka m'makina amasindikizidwa ndi kutentha, osati inki, ndipo akakhala m'chikwama kapena padzuwa zilembo zimafufutika mpaka kutsala pepala loyera. Kafotokopeni, ndipo lenilenilo musalisiye kushopu. Ngati munalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthenga wake, ndi umboni wachiwiri wa deti ndi ndalama. Pezaninso nambala ya katunduyo, nthawi zambiri imakhala pakapepala komatidwa pabokosi pafupi ndi zilembo za S/N, mwinanso pa kabokosi kotchajira. Nambalayi ndi imene imatsekereza mawu oti "izi sitinagulitse ife."

Pali chinanso chimene chimachitika kawirikawiri. Bokosi likuti miyezi 12, koma wogulitsa akuti waranti ya shopu yawo ndi mwezi umodzi. Afunseni kuti zimenezo zinalembedwa pati ndipo munauzidwa liti. Akakuuzani kuti lonjezo la pabokosi silikugwira ntchito chifukwa katunduyo si weniweni, ndiye kuti avomera okha kuti anakugulitsani chachinyengo pamtengo wa chenicheni, ndipo mlandu wawo wakula.

Kalatayo

Ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa manijala. Ulemu ukwanira pa moni ndi potsiriza, pakati pakhale mfundo zokhazokha. Musafotokoze za mavuto a ndalama kapena mmene mwakhumudwira, ndipo musatukwane. Pamwamba lembani dzina lanu, nambala ya foni ndi deti. Madeti ali m'munsiwa ndi achitsanzo, ikani anu.

"Okondedwa a Manijala,

PEMPHO LOSINTHA TIMAHEDIFONI PA WARANTI

Pa 14 Malichi ndinagula timahedifoni ta mtundu wa ......, nambala yake ......, m'shopu yanu pa mtengo wa K45,000. Nambala ya lisiti ndi ....... Pabokosi palembedwa kuti waranti ndi miyezi 12.

Kuyambira pa 2 Juni, ka kumanzere sikakuyaka ndipo ka kumanja kakumathima pakatha mphindi khumi. Ndapukuta malo otchajira, ndasintha chingwe, ndayesanso pafoni ina, koma vuto silinathe. Sitinanyowe, sitinagwe, ndipo palibe amene watitsegula.

Ndinabwera kushopu pa 5 Juni ndi pa 9 Juni koma sindinathandizidwe.

Ndikupempha kuti mundipatse tina tatsopano ta mtundu womwewo pasanathe masiku 14 kuchokera lero. Ngati mulibe, mundibwezere ndalama yanga. Nthawiyi ikadutsa popanda yankho, ndikapereka dandaulo langa ku CFTC.

Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi chithunzi cha bokosi.

Ine wanu,
......"

Sindikizani makope awiri. Imodzi muwasiyire, inayo asaine, alembe deti, ndipo ngati ali ndi chidindo adinde. Akakana kusaina, lembani nokha pa kope yanu tsiku, nthawi ndi dzina la amene wakana, kenako tumizani chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ya shopuyo kuti pakhale umboni woti inafika. Akati musiye timahedifonito, alembe kuti alandira tiwiri tonse ndi kabokosi kake, nambala yake, ndi tsiku loti mudzamve yankho.

Werenganinso kakhadi ka waranti, chifukwa makhadi ambiri amapatsa wogulitsa mwayi wosankha pakati pa kukonza ndi kusintha. Akanena kuti akonza, musakane msanga, koma agwirizane nanu za tsiku. Timahedifoni totere sitikonzedwa kawirikawiri, ndiye nthawi zambiri mapeto ake amakhala kusintha basi. Akakupatsani tina, tiyeseni pakauntala pomwepo, tonse tiwiri, muimbire munthu foni kuti mumve ngati maiki akugwira, ndipo nambala yatsopanoyo ailembe kuseri kwa lisiti n'kusaina. Masiku 14 akatha ali chete, tengani kope yosainidwa ija, lisiti ndi zithunzi, mukadandaule ku CFTC monga munalembera.