Ndikakokera ndodo kumbuyo, kamunthu kakuyenda chambuyo n'kumanjenjemera

*"Ndayika moshoni machingi mu gemu yanga. Ndikakokera ndodo ya chowongolera kumbuyo, kamunthu m'malo motembenuka kakungoyenda chambuyo, kenako kakunjenjemera. Makilipu otembenuka alimo m'nkhokwe. Kodi ndigule maanimeshoni ena?"*

Musagule kanthu kaye, akulu. Vuto limeneli limapweteka chifukwa zonse zimaoneka ngati zili bwino, kilipu yotembenuka ilipo, kodi ya pulogalamu siikudandaula, koma fulemu yoyenera ikugonja pa mpikisano womwe simukuuona.

Moshoni machingi, njira imene gemu imadzisankhira yokha fulemu yoyenera m'nkhokwe ya makilipu, sadziwa kuti iyi ndi kilipu yotembenuka, iyo ndi yothamanga. Amangoona manambala. Fulemu iliyonse ya m'nkhokwe imakhala ndi mzere wake wa manambala ofotokoza zinthu ziwiri: mmene thupi lilili pa fulemu imeneyo, ndi kumene kamunthu kanalowera pambuyo pake m'kilipumo. Mndandanda umene ambiri amatengera ndi wa Daniel Holden ndi anzake wa 2020, wa manambala 27. Malo a mapazi awiri ndi manambala 6, liwiro la mapaziwo ndi 6, liwiro la chiuno ndi 3. Otsala 12 ndi a m'tsogolo: pamene kamunthu kadzakhale pakapita mafulemu 20, 40 ndi 60, ndiponso kumene nkhope idzaloze pa nthawi zitatuzo. Pa mafulemu 60 pa sekondi, ndiye kuti mukuyang'ana sekondi imodzi kutsogolo.

Gemu ikamaseweredwa mumapanga mzere wofanana nawo. Za mapazi ndi chiuno mumatenga pa fulemu imene ikuoneka panopa, za m'tsogolo mumalosera kuchokera ku ndodo. Kenako mumafufuza m'nkhokwe fulemu imene mzere wake ukusiyana pang'ono kwambiri ndi wanuwo: nambala iliyonse muichotsere inzake, zotsalazo muzichulukitse ndi zokha, muphatikize zonse. Yochepetsetsa yapambana, ndipo animeshoni imapitirira kuyambira pamenepo.

Tsono taonani zimene zimachitika pa nthawi yomwe mwakokera ndodo ija. Pali mafulemu awiri opikisana. Yoyamba ili m'kilipu yobwerera chambuyo, yachiwiri ili poyambira pa kilipu yotembenuka n'kumapita. Onse awiri akupititsa thupi mbali imodzimodzi, choncho pa malo a m'tsogolo sakusiyana kwenikweni. Chowasiyanitsa ndi nkhope basi. Koma kumene nkhope yaloza timakulemba ndi muvi wotalika 1, ndiye ngakhale mivi iwiri italoza mosemphana kotheratu, kusiyana kwake kukachulukitsidwa sikupitirira 4. Mapazi nawo, ngati injini yanu ikuyeza m'masentimita monga imachitira `Unreal`, ali ndi manambala akuluakulu.

Tinene kuti wosewera akufuna nkhope ikhale itazungulira madigiri 90 pa fulemu 20, ndi 180 pa fulemu 40 ndi 60. Fulemu yobwerera chambuyo siizungulira n'komwe, ndiye yalakwa 2, 4 ndi 4, pamodzi 10. Phazi lake lasiyana ndi lanu masentimita 2 okha, zomwe ndi 4. Zonse 14. Fulemu yotembenuka yalondola nkhope, palibe cholakwa, koma phazi lake lasiyana masentimita 6, zomwe ndi 36. Yobwerera chambuyo yapambana! Masentimita 6, amene diso silingaone n'komwe pa sikirini, agonjetsa thupi lonse loyang'ana kolakwika. Pakapita mafulemu ochepa phazi lasuntha, yotembenuka yapambana pang'ono, kenako yagonjanso. Kunjenjemera mukuonako ndi mafulemu awiriwa akulandana malo.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti opanga mavidiyo ambiri ophunzitsa izi amadumpha sitepe yokonza zimenezi. Amaonetsa kamunthu kakuthamanga mozungulira pa bwalo lopanda kanthu, pomwe chilichonse chimaoneka chokongola, osatembenuza ndodo mwadzidzidzi ngakhale kamodzi. Wophunzira akakumana ndi vutoli amaganiza kuti makilipu ake ndi ochepa, n'kutaya ndalama pachabe.

Mankhwala ake ndi kuika magulu onse a manambala pa muyezo umodzi musanafufuze:

```
x = (x - mean) / std * weight
cost = sum((query - x)**2)
```

Apa `x` ndi mzere wa fulemu ya m'nkhokwe, `query` ndi mzere wanu uja, `weight` ndi mphamvu imene mwapatsa gulu lililonse, ndipo `cost` ndi kusiyana kophatikiza kuja. Muwerengere `mean`, avareji, ndi `std`, muyezo wa mmene manambala amatalikirana ndi avarejiyo, pa nkhokwe yonse kamodzi, ndipo `query` idutsenso m'masamu omwewo, apo ayi mukuyerekeza zinthu zosiyana. `std` ikhale imodzi pa gulu lonse, mwachitsanzo imodzi ya manambala atatu a phazi lamanzere. Mukapatsa nambala iliyonse yakeyake, kukwera kwa phazi, komwe kumasintha pang'ono, kumakula mphamvu mopitirira. Tibwerere ku chitsanzo chija, titenge `std` ya mapazi kukhala masentimita 20 ndi ya nkhope 0.5. Yobwerera chambuyo tsopano ili ndi 10 kugawa ndi 0.25, zomwe ndi 40. Yotembenuka ili ndi 36 kugawa ndi 400, zomwe ndi 0.09. Mpikisano watha. Mukatero m'pamene `weight` imayamba kumveka: mukakweza ya m'tsogolo kamunthu kamamvera ndodo msanga koma mapazi amaterera, mukakweza ya mapazi kamayenda mosalala koma kamachedwa kumva.

Kunjenjemera kukatsalako, onani kuti mukufufuza kangati. Si fulemu iliyonse ayi. Kamodzi pa mafulemu 10 n'kokwanira, kuphatikiza nthawi imene ndodo yasintha mwadzidzidzi kapena kilipu yafika kumapeto. Yambani mwawerengera `cost` ya fulemu imene ikusewera kale, ndipo musalumphe pokhapokha `cost` ya yatsopano itachepa moonekeratu. Yopambana ikakhala m'kilipu yomweyo pafupi ndi pamene muli, ingopitirirani. Polumphapo musadule mwadzidzidzi. Njira imene David Bollo anafotokoza mu 2018 ndi yabwino: mumasunga kusiyana kwa kaimidwe kakale ndi katsopano, n'kumakuzimiritsa m'kati mwa masekondi pafupifupi 0.2, kilipu yatsopano yokha ikusewera.

Chinanso, manambala onse 27 aziyezedwa kuchokera pa kamunthu ndi kumene kakuyang'ana, osati kuchokera pakati pa dziko la gemu. Chizindikiro cha cholakwa ichi n'chosavuta: kamunthu kamayenda bwino kakaloza mbali imodzi, kakaloza kwina kamasokonezeka.

Musamangoganizira, jambulani pansi madontho atatu a njira imene ndodo ikupempha ndi atatu a fulemu imene yasankhidwa, mitundu yosiyana, aliyense ndi kamuvi ka nkhope. Madontho akagwirizana koma timivi tasemphana, ndi vuto la muyezo lija. Madontho a ndodo akamathawira patsogolo nthawi zonse, ulosi wanu ukupempha liwiro kapena kutembenuka kumene kulibe m'nkhokwe, ndiye uchedwetseni.

Komabe ndinene zoona, mukakonza zonsezi madontho n'kumasemphanabe potembenukira mbali imodzi yokha, ndiye kuti makilipu akuperewadi. Yambani ndi kuwapanga onse kope la pagalasi, lamanzere kukhala lamanja, kuti kutembenuka kulikonse kupezeke kumbali zonse ziwiri. Simon Clavet, amene anaonetsa njirayi mu 2016 pa gemu ya `For Honor`, ankadalira zojambula zazitali za munthu weniweni akuyamba, kuima ndi kukhota mosiyanasiyana. Ngati muli ndi makilipu khumi ndi awiri afupiafupi ongobwerezabwereza, palibe zambiri zoti kufufuzako kusankhepo, ndipo njira yakale yolumikiza makilipu pamanja ingakuyendereni bwino kuposa iyi.