Manambala anayi akuphethira pa bokosi loswetsera mazira

"Akuluakulu, ndili ku Ngabu. Ndalumikiza madisipulei anayi a masegimenti 7 pa Arduino Uno kuti azionetsa kutentha kwa m'bokosi loswetsera mazira. Manambala akuphethira, nthawi zina atatu amazimiratu n'kutsala imodzi yowala kwambiri. Ndaika `delay(5)`, sensa ndi DS18B20. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mawaya anu ali bwino. Mavuto ndi awiri, onse a nthawi.

Madisipulei anayiwo amagawana mawaya 8 a masegimenti, poti ndi kadontho komwe, ndipo iliyonse ili ndi waya wake umodzi woiyatsira. Mapini akhala 12 m'malo mwa 32, koma ndiye kuti pa nthawi imodzi imayaka disipulei imodzi yokha. Amayaka mosinthana, ndipo akathamanga mokwanira diso limaona ngati onse ayakira limodzi. Choti muziwerenga n'chakuti disipulei imodzi ikubwereredwa kangati pa sekondi.

Tiwerenge zanuzi. Mamilisekondi 5 kuchulukitsa ndi madisipulei 4 ndi 20, ndiye iliyonse ikuyaka ka 50 pa sekondi, mwinanso kucheperapo chifukwa pulogalamu ili ndi ntchito zina. Pa 50 anthu ambiri amakuona kuphethirako, makamaka akayang'ana cham'mbali. Ena amati 60 ndi yokwana, koma ine sinditsika pansi pa 100. Mukapatsa iliyonse mamilisekondi 2, kuzungulira konse kutenga 8, ndiye ka 125 pa sekondi. Kuthamangitsa kufika masauzande sikuwonjezera kuwala ngakhale pang'ono, iliyonse imayakabe gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi.

Kuzima kwa atatu aja ndi nkhani ya sensa. DS18B20 imatenga mpaka mamilisekondi 750 kuti imalize kuyeza pa mabiti 12, ndipo `requestTemperatures()` imaima n'kudikira. Nthawi yonseyo `loop()` yaima, disipulei yomwe inayaka komaliza imangotsala chiyakire payokha osapuma, n'chifukwa chake ikuwala kuposa masiku onse. Kusintha `delay` sikuthetsa zimenezi. Kusinthana kwa madisipulei kuchoke mu `loop()` kupite ku taima:

```
// mu setup()
TCCR2A = _BV(WGM21);
TCCR2B = _BV(CS22) | _BV(CS20);
OCR2A  = 249;
TIMSK2 = _BV(OCIE2A);

// kunja kwa setup()
ISR(TIMER2_COMPA_vect) {
  static byte d = 0;
  zimitsaOnse();
  d = (d + 1) & 3;
  lembaMasegimenti(nambala[d]);
  yatsa(d);
}
```

Uno imayenda ka 16,000,000 pa sekondi. Kugawa ndi 128, kenako ndi 250, tipeza 500, ndiwo mamilisekondi 2 aja. `zimitsaOnse()`, `lembaMasegimenti()` ndi `yatsa()` mulemba nokha molingana ndi mapini anu, ndipo ntchito ya `loop()` ikhale kungowerenga sensa n'kulemba mu `nambala[]`, yomwe muilembe kuti `volatile`. Dziwani kuti `tone()` imagwiritsanso ntchito taima yomweyi, ndiye ngati mukufuna kabaza kolira kutentha kukapyola, gulani kolira kokha kakangolandira magetsi. Kunoko kabazako n'kofunikadi, mu Okutobala ndi Novembala kunja kumatha kutentha kuposa madigiri 37.5 omwe mazira akufuna.

Taonani ndondomeko ya m'kati mwa `ISR` muja: kuzimitsa kaye, kusintha masegimenti, kenako kuyatsa yotsatira. Mukasintha masegimenti disipulei yakale ikadali yoyaka, nambala ya inzake imaonekera mwachizimezime pamenepo. Masana simuzindikira, koma usiku 1 amaoneka ngati 7 wofooka.

Za marezisita, ikani 8, imodzi pa segimenti iliyonse, osati imodzi pa waya woyatsira disipulei. Mukaika imodzi yokhayo 1 amawala kwambiri ndipo 8 amachita mdima, poti masegimenti ambiri akulimbirana magetsi omwewo. Pa disipulei yofiira yodya mavoti pafupifupi 2, rezisita ya maomu 220 imadutsitsa mamiliampu pafupifupi 13. Onse 8 akayaka adutsa 100 pa waya umodzi, pomwe pini ya Uno malire ake enieni ndi 40. Choncho waya woyatsira uliwonse udzere pa thiranzisita, BC337 kapena 2N2222, ndi rezisita ya maomu 1,000 ku pini. BC547 ikhala pamalire, isiyeni. Manambala akaoneka ofooka pakhonde dzuwa likuswa mtengo, musachotse marezisita, matani kapulasitiki kofiira koonekera pamwamba pake.

Poyesa, yang'anani khoma pambali pa bokosilo, disipulei ikhale kumphepete kwa diso, chifukwa kumeneko n'komwe kumagwira kuphethira msanga. Kenako gwedezani bolodi mumdima. Muona manambala atandandalika mumlengalenga, ndipo mipata yake iyenera kukhala yofanana. Mpata wina ukatalika, pali chinachake chomwe chikuchedwetsa taima. Kamera ya foni musaikhulupirire kwambiri, imaonetsa mizere yoyenda ngakhale pa 125 pomwe diso silikuona kanthu. Ngati mukufuna kuti zizioneka bwino pa vidiyo, ikani `OCR2A = 124`, iliyonse iziyaka ka 250 pa sekondi.