Malikisi 48 ndi funso lofiira m'mphepete mwa pepala

"Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Ngabu, ndipo ndikuchita dipuloma yophunzira uli kunyumba. Asayimenti yanga yabwera ndi malikisi 46 komanso ndemanga zomwe sindikuzimvetsa. Ndikuopa kufunsa alekichala, angaone ngati ndikuderera kachongedwe kawo. Nditani?"

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa pepala langa lotere ndikadali nalo m'sutukesi. Langa linali la jogalafe, ndipo funso linali lakuti tiunike chifukwa chomwe anthu a m'chigwa cha Shire amabwerera kumalo osefukira madzi ngakhale boma liwauze kuti asamuke. Ndinasangalala poona funsolo. Ine wobadwira ku Nsanje, madzi a mu Januwale 2015 ndinawaona ndi maso angawa, ndani akanandiposa? Ndinadzaza masamba asanu ndi limodzi. Ndinalemba za Ruo kusiya njira yake, za anthu a ku Makhanga otsekerezedwa ndi madzi mbali zonse, za mabanja ogona m'makalasi. Pepala linabwera ndi 48, ndipo pafupifupi pa ndime iliyonse panali kafunso kofiira ka Chingerezi, kotanthauza kuti "ndiye bwanji?"

Zinandiwawa. Ndinkati munthu wokhala pamalo ozizira kumtunda uko akudziwa chiyani za matope athu. Kwa masabata atatu pepalalo sindinalikhudze, ndipo ndinalemba asayimenti yachiwiri mwanjira yomweyo, n'kupezanso malikisi otsika. Apa m'pamene ndimalimba mtima kunena kuti mantha ofunsa mafunso omwe tinakula nawo akutipweteka. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu akalankhula umaweramitsa mutu, ndipo ife aphunzitsi ndife oyamba kukwiya mwana akafunsa chifukwa chomwe tamuchongera molakwa. Kenako tikafika ku koleji timadabwa kuti lilime lalemera.

Tsiku lomwe ndinapita kukaonana ndi alekichala, ndinakwera minibasi m'bandakucha, kudutsa Bangula, Nchalo, mpaka kukwera mapiri a ku Thabwa. Ndinalowa mu ofesi ndi funso lolakwika: "Bwana, bwanji mwandipatsa 48?" Nkhope yawo inasintha. Funso limeneli limamveka ngati mlandu, ndipo munthu amayamba kudziteteza m'malo mokuphunzitsa. Mwamwayi ndinatsegula tsamba lachitatu n'kuloza ndime imodzi, ndikuti, "Apa mwalemba kuti ndiye bwanji, chikusowa n'chiyani?" Anandiuza kuti ndiwerenge ndimeyo mokweza, kenako ndiwerengenso funso. Ndinadzimva ndekha. Ndinali nditafotokoza momwe madzi anabwerera, koma funso linkafuna chifukwa chomwe anthu amabwerera.

Chomwe chimapweteka n'chakuti yankho ndinali nalo kale. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyontho, ndipo kudimba munthu amakolola chimanga ndi mbatata m'chilimwe, pomwe kumtunda kwa chigwa chathu chotenthachi mvula ndi yosadalirika. Nsomba zili kumadambo. Manda a makolo ali komweko. Ndipo nyakwawa ikasamukira pamalo a mfumu ina, imakhala ngati mlendo, anthu ake n'kumabwereka minda. Zonsezi amalume anga ankazinena pakhonde, koma ine sindinaziyese zoyenera kulowa m'pepala la ku koleji. Ndinalembanso ndime imodzi yokha: chiganizo choyamba kunena chifukwa, chachiwiri umboni wochokera m'buku lomwe ndinawerenga, chachitatu kusonyeza chomwe izi zikutanthauza pa ndondomeko yosamutsa anthu. Ataiona anati imeneyo ndiyo ankafuna.

Zoti muchite

Dikirani masiku awiri mtima ukhale pansi, koma sabata isathe, alekichala asanaiwale pepala lanu. Lembani ndemanga zonse pa pepala lapadera ndi kuona yomwe yabwerezedwa kwambiri, chifukwa malikisi ambiri athawira pamenepo. Za kalembedwe ka mawu ndi kandandalikidwe ka mabuku mukhoza kukonza nokha poyang'ana malangizo omwe munapatsidwa. Za mfundo ndizo mufunse.

Poti Ngabu ndi kutali, musawononge ndalama ya thiransipoti musanapangane nawo. Tumizani uthenga waufupi wotchula dzina lanu, kosi ndi mutu wa asayimenti, ndipo munene poyera kuti simukupempha kusintha malikisi. Jambulani ndime imodzi yomwe ili ndi ndemanga, ikani pansi pake momwe mwailemberanso, mufunse ngati mwamva bwino. Akakupatsani mphindi khumi pafoni, khalani ndi cholembera m'manja, ndipo musanadule bwerezani m'mawu anuanu zomwe anena. Ngati mukuona kuti anaphatikiza malikisi molakwika, imeneyo ndi nkhani ina, ili ndi njira yake ku dipatimenti, musaisakanize ndi iyi. Pepala la ndemanga lija likhale pambali panu polemba asayimenti yotsatira, ndipo musanatumize mudutse ndime iliyonse mukudzifunsa funso lomwe iwo anakufunsani.