Ndakanirira pa 6.5 pa mayeso oyankhula, oyesa amafuna chiyani?

"Abale a m'gulu muno, ndine nesi, ndimakhala ku Matawale. Pa mayeso a Chingerezi a IELTS gawo loyankhula ndapeza 6.5 kawiri konse, pomwe kumene ndikufuna kukagwira ntchito akufuna 7. Ndimasamala kwambiri kuti ndisaphonye galamala. Mnzanga amene amalakwitsa ine ndikumva ndi makutu anga anapeza 7. Kodi oyesawa amayang'ana chiyani kwenikweni?"

Achemwali, mmene ndikuonera ine, chikukumanani 7 ndi kusamala komweko. Ine si woyesa, ndimangokonzekeretsa anthu mayesowa konkuno ku Zomba, ndipo zimene ndinene zikuchokera pa pepala limene eni mayeso anaika poyera. Mukalemba Speaking Band Descriptors pa foni mulipeza.

Pepalalo lili ndi mizati inayi, ndipo mitu yake muiona italembedwa motere: Fluency and Coherence, Lexical Resource, Grammatical Range and Accuracy, Pronunciation. Woyamba ndi kuyankhula mosadodoma komanso kulumikizana kwa mfundo, wachiwiri ndi mawu amene muli nawo, wachitatu ndi galamala, wachinayi ndi katchulidwe. Mzati uliwonse woyesa amaupatsa nambala yake, imene amaitcha bandi, kuyambira 0 mpaka 9, ndipo yonse inayi imalemera chimodzimodzi. Wopeza 6, 7, 6 ndi 7 amatuluka ndi 6.5. Satifiketi siionetsa manambala anayiwa, imangoonetsa chotsatira chake, n'chifukwa chake munthu amabwereza mayeso osadziwa pamene pakudontha.

Tsono yang'anitsitsani mzati wachitatuwo. Kusalakwitsa kulibe mzati wakewake. Kuli m'khola limodzi ndi kuchuluka kwa mitundu ya ziganizo imene mukutha kupanga, ndipo ziwirizi zimagawana nambala imodzi. Woyesa samangowerenga zolakwika. Amafunsanso kuti munthuyu wayesa zotani. Dalaivala amene sanachitepo ngozi chifukwa sanakwerepo msewu wa ku Chawe sitinganene kuti ndi katswiri.

Tiyerekeze kuti m'gawo lachiwiri, lija amakupatsani khadi ndi mphindi imodzi yokonzekera kenako n'kuyankhula mpaka mphindi ziwiri, khadi likuti mufotokoze malo amene munapitako ndipo simuwaiwala. Anthu awiri asankha Kachulu. Ndilemba m'Chichewa, koma kamangidwe ka ziganizo ndi komwe angayankhulire m'Chingerezimo.

Woyamba akuti: "Ndinapita ku Kachulu. Ndinapita ndi achimwene anga. Tinakwera lole. Msewu unali woipa. Tinaona mabwato. Tinagula matemba. Ndinasangalala kwambiri." Palibe chimene walakwitsa. Koma asanatchule mneni aliyense akuyamba waima kaye, kuyeza m'mutu ngati ali m'nthawi yoyenera, ndipo mphindi imodzi itangokwana nkhani yamuthera.

Wachiwiri akuti: "Malo amene sindidzawaiwala ndi Kachulu, doko la panyanja ya Chilwa, kumene ndinapita mu 2018 nyanja itaphwa. Ngakhale ndinali nditamva pa wailesi, sindinakhulupirire mpaka nditaona mabwato atangokhala pa matope ong'aluka. Achimwene anga, amene ankapikula nsomba kumeneko, anandiuza kuti akanadziwa sakanatenga ngongole chaka chimenecho." Ameneyu pena waiwala timawu tija timakhala patsogolo pa dzina m'Chingerezi, pena mneni mmodzi wamusiya m'nthawi yatsopano pomwe nkhani ndi yakale. Wayankhula mpaka woyesa wachita kumudula.

Pa galamala, woyambayo akufanana ndi zimene pepala likunena pa bandi 5: ziganizo zosavuta zili bwino, koma za nthambi, zija zolumikiza mfundo zingapo m'chiganizo chimodzi, n'zochepa. Bandi 6 imafuna kuti zosavuta ndi za nthambi zisakanikirane, ndipo imavomereza kuti za nthambizo zizilakwika kawirikawiri bola womva asasokonezeke. Bandi 7 imafuna mitundu ingapo ya ziganizo za nthambi, zogwiritsidwa ntchito momasuka ndithu, ndipo kawirikawiri zituluke zopanda cholakwika, ngakhale zolakwika zina zikhalebe. Mwaona? Pepala lenilenilo likuvomereza kuti wa 7 amalakwitsa. Wachiwiri uja m'ziganizo zitatu zokha waonetsa nthambi yofotokoza dzina, nthambi yotsutsa, mawu a munthu wina owanena mwa iye mwini, ndi zija za "akanadziwa sakanachita". Akapitiriza chonchi mayeso onse, zambiri n'kumatuluka zoyera, ali pa 7. Mnzanu uja mwina ndi ameneyu.

Musandimve ngati ndikuti kulakwitsa kulibe kanthu. Munthu amene chiganizo chilichonse cha nthambi chimamugwera panjira amakhala pa 6, kaya ayese zingati. Komanso zolakwika sizilemera mofanana. Kuphonya kamodzi chinthu chimene mwachikhoza kasanu ndi kupunthwa lilime chabe. Kuchiphonya nthawi zonse kumaonetsa kuti lamulolo simunaligwire. Ndipo cholakwika chimene chimasokoneza womva n'choopsa kuposa chimene chimangomveka moipa. Kwa ife chofala ndi cha alowam'malo. M'Chichewa "iye" ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa. Mukamakamba za achimwene ndi alamu anu n'kusinthanitsa awiriwa, woyesa sadziwanso kuti watenga ngongole ndani. Pamenepo cholakwika chimodzi chaluma kuwiri, ku galamala komanso ku kulumikizana kwa nkhani.

Tibwere ku mzati woyamba, kumene ndikukayikira kuti mukutayako nambala yambiri. Kuima pang'ono si mlandu. Pepala limasiyanitsa kuima kofunafuna mfundo ndi kuima kofunafuna mawu kapena galamala, moti ngakhale wa bandi 9 amaloledwa kuima poganizira zoti anene. Woyesa amazindikira bwanji? Amamva pamene mwaimapo. Wofuna mfundo amaima chiganizo chikatha, kapena funso likangofunsidwa, ndiye akayamba amapitirira. Wofuna galamala amaima pakati penipeni, atatchula mwininkhani mneni asanabwere, kapena amayamba chiganizo n'kuchisiya n'kuchiyambanso mwina. Kudzikonza nakonso kumawerengedwa mumzati womwewu. Kamodzikamodzi palibe vuto, ngakhale eni chiyankhulo amatero. Koma mukamabwerera pa chiganizo chilichonse kukakonza kamchira ka mneni, nkhani imaduka zidutswazidutswa, ndipo pa bandi 6 analembapo zimenezi: wofunitsitsa kuyankhula zambiri, koma nkhani imamuthawa nthawi zina chifukwa chobwereza, kudzikonza ndi kudodoma. Wa 7 amayankhula nthawi yaitali osaoneka kuti akuvutika.

Ndiye kusamala kwanu mukukulipira kawiri. Kwakupangitsani kusankha ziganizo zazifupi, galamala yatsika. Kwakupangitsani kuima n'kumadziyeza, mzati woyamba watsikanso. Ngati mawu ndi katchulidwe muli pa 7, zomwe sizachilendo kwa nesi amene waphunzira ntchito yonse m'Chingerezi, masamu ake ndi omwe aja: 6, 7, 6, 7.

Za kulumikizana kwa mfundo anthu amazimva molakwika. Amaloweza alumikizi akuluakulu a mu chimangirizo cha ku sekondale, aja a "kuonjezera apo" ndi "pomaliza penipeni", n'kumawamata pa chiganizo chilichonse ngakhale afunsidwa kuti amakonda chakudya chanji. Pepala limati wa 6 amagwiritsa ntchito alumikizi ambiri koma osati pamalo pake nthawi zonse. Chimene woyesa akufuna n'chakuti mfundo ibale inzake: mwanena maganizo, mwapereka chifukwa, mwapereka chitsanzo, mwina n'kunenanso pamene maganizowo sagwira. Alumikizi wamba a tsiku ndi tsiku amakwanira. Kuthamanga nakonso si kuyankhula bwino ayi. Ena amabwera ataloweza ndime yonse, amaithira ngati pemphero, kenako funso lotsatira likangokhota pang'ono Chingerezi chimagwa pansi. Kusiyanako kumamveka, ndipo zoloweza sizikupatsani nambala.

Gawo lachitatu, la mphindi zinayi kapena zisanu, ndi limene limaulula zonsezi. Khadi likakhala la malo, mafunso amachoka pa inu n'kupita pa anthu onse: kodi alendo amasintha bwanji moyo wa anthu okhala pamalo, kodi maulendo a lero akusiyana bwanji ndi a makolo, kodi m'tsogolomu zidzakhala bwanji. Mafunsowa amapangidwa dala kuti mufananitse, muyerekeze, mulosere. Mukayankha ndi chiganizo chimodzi cholondola n'kukhala chete, mwabweza mpata umene anakupatsani kuti muonetse mitundu ya ziganizo ija. Mayeso onse amatenga mphindi 11 mpaka 14 zokha, ndipo woyesa sangakupatseni nambala pa chinthu chimene sanachimve.

Pa mawu ndinenepo chimodzi. Dzina la chinthu likakuthawani, musaime n'kumalisaka. Lizungulireni. Matemba simukudziwa kuti muwatchule bwanji? Nenani kuti ndi tinsomba ting'onoting'ono timene amatiyanika padzuwa n'kumatigulitsa m'milumilu pamsika. Kufotokoza chinthu m'mawu ena kunalembedwa pa bandi 7 ngati luso, pomwe liwu lalikulu loikidwa pamalo olakwika limakutsitsani. Katchulidwe sindikhalitsapo. Safuna kuti mumveke ngati wa ku London, amafuna kuti mumveke mosavuta. Samalani l ndi r pamene zikusintha tanthauzo, ndi chizolowezi chathu choonjezera lembo la liwu kumapeto kwa mawu.

Musanalipirenso ndalama za mayeso, dziyezeni nokha. Tengani foni, sankhani mutu, konzekerani mphindi imodzi, dzijambuleni mphindi ziwiri. Kenako lembani zonse papepala mmene mwanenera, osakonza kalikonse, ndipo paliponse pamene munaima ikani kamzere. Muwerenge zinthu zitatu: ziganizo za nthambi zilipo zingati, mwa ziganizo zonse zopanda cholakwika ndi zingati, ndipo timizere tija tili kumapeto kwa ziganizo kapena pakati. Mukapeza kuti pafupifupi zonse n'zoyera koma za nthambi ndi ziwiri zokha, vuto si galamala yanu, ndi mantha. Bwerezani nkhani yomweyo, koma ulendo uno lumikizani ziganizo ziwiriziwiri ndi "amene", "ngakhale", "chifukwa", "ndikanakhala", ndipo mudziletse kubwerera m'mbuyo pokhapokha ngati cholakwikacho chasintha tanthauzo. Masiku oyamba zolakwika zichuluka, musadabwe. Mukapeza kuti za nthambi zilipo zambiri koma cholakwika chimodzimodzi chikubwerabwera, siyani zina zonse mulimbane ndi chimenecho sabata yathunthu.

Ngati mayeso omalizawo mwalemba posachedwa ndipo mukukhulupirira kuti munachita bwino kuposa 6.5, pali njira yopempha kuti achongenso, imatchedwa Enquiry on Results. Mayeso oyankhula amajambulidwa mawu, ndiye woyesa wina wamkulu amamvetseranso. Muyenera kupempha pasanathe masabata 6 chilembereni mayeso, mumalipira, ndipo ndalamayo amabweza nambala ikakwera. Koma poti 6.5 yabwera kawiri kuchokera ku mayeso awiri osiyana, ine ndalamayo ndikanaisunga. Jambulani mphindi ziwiri zija muponye muno m'gulu kapena ku inibokosi, tiwerengere limodzi.