Mapanelo a 6.6kW pa inveta ya 5kW, andiponda kapena?

"Zikomo aphungu. Pa shopu yanga andiikira mapanelo 12 a 550W koma inveta ndi ya 5kW basi. Masana apu imangoima pa 5,000W osakweranso. Kodi sanandiponde amenewa?"

Ayi achimwene, sanakupondeni, mtima pansi. Mapanelo anuwo pamodzi ndi 6,600W, mukagawa ndi 5,000W mupeza 1.32, ndipo oika sola ambiri amachita dala kuti nambala imeneyi ikhale cha pa 1.1 mpaka 1.3, ndiye inuyo mwangopitirirako pang'ono chabe.

Nkhani ndi yoti 550W yolembedwa kumbuyo kwa panelo ija amayeza kufakitale panelo ili pa 25°C, dzuwa lamphamvu. Padenga sizikhala choncho. Panelo ikatentha kufika 55°C imataya pafupifupi 10%, muonjezepo fumbi ndi zotayika m'mawaya, 6,600W ija yatsika kale kufika cha m'ma 5,600W ngakhale kunja kuli ngwee. M'mawa, madzulo ndi tsiku la mitambo ndiye simuyandikira n'komwe 5,000W, apa mpomwe mapanelo oonjezerawo amakugwirirani ntchito, mafiriji amayamba kudya magetsi a dzuwa molawirira mpaka mochedwerako.

Zomwe mukuona pa apuzo amati kilipingi. Mapanelo akafuna kupereka zoposa zomwe inveta ingatulutse, iyo imangokoka zomwe ikukwanitsa zinazo n'kuzisiya, girafu m'malo mosongoka ngati phiri imakhala yodulidwa pamwamba, fulati. Palibe chikupsa. Tingoti mukutaya 600W kwa maola awiri, ndi mayunitsi 1.2 pa tsiku lomwe mwakolola mwina 28, komanso ndi masiku owala okhaokha. Musanathamangire kugula inveta yayikulu werengani kaye mtengo wa kayunitsi kameneko pachaka muone kuti ndalama yanu ingabwerere liti, ineyo sindingakulangizeni kusintha. Nambala ya 1.32 ija ikanakhala 1.6 bwenzi tikukamba zina chifukwa kudulako kumatenga maola ambiri.

Chomwe ndikufuna muonetsetse ndi voteji, imeneyi ndiyo imaotcha inveta osati mawati. Panelo ya 550W imakhala ndi Voc, ndiye kuti voteji yake ili padzuwa popanda chokoka magetsi, ya pafupifupi 50V, akalumikiza onse 12 mzere umodzi ndi 600V, pomwe ma inveta ambiri a 5kW malire ake ndi 500V kapena 600V, ndipo kukazizira m'mawa voteji imakweranso. Afunseni ngati anagawa mizere iwiri ya mapanelo 6, muonenso papepala la inveta kuti imalola mapanelo okwana mawati angati kuti waranti isafe.

Girafu ikamadulidwa pa 3,500W osati 5,000W, imeneyo si kilipingi ya kukula kwa mapanelo ayi, mwina batire yadzadza ndipo shopu sikukoka zambiri, kapena inveta yatenthedwa ikudzichepetsa yokha, muone ngati pomwe anaipachika pakupita mphepo.