Mphunzitsi wopuma ndi ndondomeko yake: nkhani imayambira pati?

"Zikomo akulu. Ndikulemba nkhani yaifupi ya mayi amene anali mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mzuzu. Atapuma pantchito masiku ankangomusokonekera, mpaka anadziikira ndondomeko ya tsiku ndi tsiku. Ndalemba masamba anayi, koma mnzanga atawerenga wati palibe chikuchitika. Kodi munthu wongodzuka, kusesa, kumwa tiyi ndi kugona angakhale nkhani? Ndikonze pati?"

Achemwali, mnzanuyo musamukwiyire, wakuthandizani. Tengani masamba anayiwo ndi cholembera, ndipo mudule mzere kunsi kwa mneni aliyense. Ndikukhulupirira kuti mupeza "ankadzuka", "ankasesa", "ankathirira", "ankapita" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Aneni otere amatiuza zimene zinkachitika masiku onse, ndipo za masiku onse sizipatsa munthu chidwi chotembenuza tsamba. Nkhani imayamba pamene mwalemba "anadzuka", kutanthauza tsiku limodzi, m'mawa umodzi. Ngati mwafika tsamba lachiwiri musanalembe mneni wotero, ndiye kuti mukadali kufotokoza munthu, nkhani yake simunaiyambe.

Musanakonze chilichonse, dziwani kaye chimene chikumupweteka mayiyu. Ndimutcha Madamu, poti ndi mmene amamuitanira m'dera lonse ngakhale anasiya choko. M'boma anthu amapuma ali ndi zaka 60. Tinene kuti wanuyu wapuma mu 2024, ndiye kuti anabadwa cha mu 1964 ndipo anayamba kuphunzitsa cha m'ma 1980. Mu 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, iye anali kale kutsogolo kwa bolodi. Anaphunzitsapo kalasi ya ana oposa 100, ena atakhala pansi mpaka pakhomo. Munthu ameneyu kwa zaka zoposa 30 sanasankhepo yekha nthawi yodzuka, yodya kapena yokhala pansi. Belu ndi limene linkasankha. Vuto lake tsopano si ulesi, komanso si kusowa ntchito zapakhomo. Thupi lake likudikirabe belu limene sililira. Zaka zimenezi simuyenera kuziika m'nkhani, koma inu wolemba muzidziwe, chifukwa ndi zimene zikuuzeni mtundu wa ndondomeko imene angalembe.

Ndipo sangalembe ngati mmene ine ndi inu tingalembere. Atenga kalendala yakale, aitembenuza, atenga rula n'kudula mabokosi, masiku pamwamba, nthawi m'mbali, ngati taimutebulo ya Sitandade 6. Aikhoma kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kuti alendo asaione. Madzulo aliwonse atenga bolopeni yofiira n'kuchonga zimene wachita, n'kuthetha zimene walephera. Kapepala kameneka ndiko chuma chanu chachikulu m'nkhani yonseyi. Wowerenga akangokaona, wamudziwa Madamu popanda inu kunena kuti "anali munthu wadongosolo". Chiganizo choterocho muchichotse paliponse pamene chili.

Ndondomekoyo muionetse yonse kamodzi kokha, pa tsiku limodzi lodziwika. Ine ndikanasankha Lolemba lotsegulira sukulu mu Seputembala, loyamba chipumireni. Mwachitsanzo:

"Anadzuka 5 koloko popanda womudzutsa. Anakoleza mbaula, anatereka madzi, anasita diresi labuluu lija. Atalipachika pampando m'pamene anakumbukira. Cha m'ma 7 ana a m'Chibavi anayamba kudutsa pamsewu, ena akuthamanga ndi makope m'majumbo a shuga. Mmodzi malaya anali asanapisire. Madamu anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Anamwa tiyi ataimirira, ngati kuti pali kumene achedwe."

Onani kuti sindinalembe kuti anakhumudwa. Diresi losita lopanda kopita lanena zonse. Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene adule mabokosi ake: 5 koloko kudzuka, 6 koloko kusesa, kenako kudimba kuthirira mpiru ndi tchainizi dzuwa lisanakwere, 10 koloko tiyi chifukwa ndiyo inali nthawi ya buleki, masana kugona ola limodzi, madzulo Baibulo ndi nkhani za pawailesi. Lachiwiri kupita wapansi kumsika wa Zigwagwa, kubwerera pa kabaza ndi usipa wa ku Nkhata Bay. Musachulukitse. Zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, chifukwa wowerenga ayenera kuziloweza kuti adzazindikire chimodzi chikadzasowa.

Miyezi yotsatira muidutse mothamanga. Apa ndi pamene "ankadzuka" ndi "ankathirira" ali ndi malo awo, koma ndime imodzi yokha. Mvula inabwera, n'kukhalitsa monga imachitira kuno mpaka Epulo, mabokosi ankadzaza ndi zochonga zofiira, kalendala imodzi inatha. Basi.

M'ndime yomweyo muike mtengo wake wa ndondomekoyo. Olemba ambiri amagwa apa. Amaikonda kwambiri ndondomeko ya munthu wawo mpaka imasanduka mankhwala ochiza chilichonse, ndipo nkhani imamveka ngati phunziro la pa msonkhano wa opuma pantchito. Dongosolo limene lamupulumutsa Madamu liyeneranso kupweteka wina. Mwana wake wa ku Lilongwe amapeza mpata woimba foni pa nthawi ya nkhomaliro yokha, ndipo imeneyo ndi nthawi ya bokosi lolembedwa "kugona". Foni imalira, Madamu amaiyang'ana, osayankha. Mnansi wake, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda, amakonda kubwera kudzacheza cha m'ma 8, Madamu ali ndi khasu m'manja, ndipo amamuuza kuti, "Mubwere 4 koloko, amama." Amanena mwaulemu, koma tsiku lililonse. Mnansiyo pang'ono ndi pang'ono anasiya kubwera.

Tsopano muiswe ndondomekoyo. Njira imene ibwere msanga m'mutu mwanu ndi yakuti papezeke kamwana kosadziwa kuwerenga, Madamu ayambe kukaphunzitsa pakhonde, ana achuluke, iye apezenso chimwemwe. Ndikupemphani, ipeweni. Aliyense aiona ikubwera kuyambira tsamba loyamba, komanso imathawa funso la nkhani yanu, chifukwa imangomubwezera ntchito yake yakale. Inu mukufunsa za mmene munthu amakhalira belu litasiya kulira, osati mmene angapezere belu lina.

Chimene chimaswa ndondomeko ya aliyense m'dera, wolemera kapena wosauka, ndi maliro. Mnansi uja wamwalira usiku wa mu Juni. Mukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mwezi umenewo, nkhungu itakuta m'mawa ndi kamvula kowaza kosaleka. Madamu sangauze maliro kuti abwere 4 koloko. Akagona pasiwa masiku awiri, pamkeka, atafunda zitenje ziwiri pakati pa amayi a Umanyano akuimba mpaka mbandakucha. Mbali imeneyi muipatse malo ambiri kuposa ina iliyonse, ndipo muilembe pang'onopang'ono. Adzuka 5 koloko ndithu, chifukwa thupi silidziwa za maliro. Atuluka, apeza kumoto kuli chipwirikiti, miphika itatu ya nsima koma wophika ndiwo palibe. Ayamba kugawa anthu: inu nkhuni, inu madzi, inu atatu kabichi. Awerenga mbale kawiri. Zinthu ziyenda bwino, ndipo mtsikana wina amene anamuphunzitsa kalekale anong'oneza mnzake kuti, "Madamu ayambapo." Iye amva. Kenako mwana wa malemu abwera kudzamuthokoza, n'kunena mosaganiza zambiri kuti, "Amayi ankati inu mumatanganidwa kwambiri." Musalembe kuti mawuwo anamulasa mtima. Lembani kuti anali ndi chipande m'manja ndipo anaiwala mbale imene amagawira.

Pa zokambirana, kumbukirani kuti pamaliro a ku Chibavi anthu ambiri alankhula Chitumbuka, ndipo kumpingo Madamu amuitana ndi dzina la mfunda loyamba ndi Nya-. Nkhani yanu ikhoza kukhala m'Chichewa yonse, koma moni mmodzi kapena mzere umodzi wa Chitumbuka pamalo oyenera ukwanira kuti wowerenga adziwe kuti sali ku Ndirande. Mukachulukitsa, owerenga a kumwera muwataya.

Akabwera kumanda ku Zolozolo, mumulowetse kuchipinda, atseke chitseko, aone kapepala kaja. Masiku atatu alibe chochonga ngakhale chimodzi. Mpiru wafota m'mbali. Ali ndi bolopeni yofiira m'manja, ndipo chimene achite nayo ndiye mathero a nkhani yanu. Akhoza kuthetha mabokosi onse a masiku atatuwo, monga ankachitira ndi mwana wojomba, ndipo tidziwa kuti sanasinthe ndipo mwina sadzasintha. Imeneyo ndi nkhani yowawa koma yoona. Akhoza kung'amba pepalalo, koma ine sindingakhulupirire, chifukwa munthu wa zaka 60 sataya khalidwe la moyo wonse usiku umodzi, ndipo ndondomekoyo inamuthandizadi. Ine ndikanamusiya asathethe kanthu, atenge rula, adule mzere pa bokosi la "kugona" la tsiku lotsatira, n'kulisiya lopanda mawu. Mawa lake foni ilira 1 koloko, ndipo nkhani ithere pomwepo, kapena pa liwu loyamba limene ayankhe. Musaonjezere ndime yofotokoza zimene waphunzira.

Za utali, ngati mukufuna nkhani ya mawu pafupifupi 1,500, tsiku loyamba lija lidye mawu 400, miyezi yothamanga 200, maliro 600, kubwerera kunyumba 300. Masamba anu anayi aja ndiye kuti apanikizika kukhala tsamba limodzi ndi theka, ndipo zikupwetekani kudula. Poyamba chotsani chilichonse chimene mayi wina aliyense wa ku Mzuzu angachitenso mofanana, monga kusamba ndi kutsuka mbale. Musiye zokhazo zimene mphunzitsi yekha angachite mwa njira yakeyake: tiyi wa nthawi ya buleki, kuwerenga mbale kawiri, bolopeni yofiira.

Mukamaliza, mumupatsenso mnzanu yemwe uja, koma musamufunse ngati yakoma. Mufunseni kuti Madamu amachita chiyani 1 koloko masana. Akayankha osayang'ana papepala, ndondomeko mwaikhazika bwino ndipo mathero agwira. Akakanda m'mutu, bwererani ku tsiku loyamba lija mukachepetse mabokosi, kenako muitchule foni ija kawiri m'ndime ya miyezi yothamanga m'malo mwa kamodzi.