Makolo onse ndi kameta koma anapiye ena ali ndi nthenga pakhosi, zatheka bwanji?

"Alangizi, ine ndili ku Chikwawa kuno. Tambala wanga ndi kameta, thadzi nalonso kameta, koma pa anapiye 11 amene aswa atatu atuluka ndi nthenga khosi lonse. Mayi akunyumba akuti ndi tambala wa aneba ameneyu. Ine ndimafuna khola lonse likhale la kameta, nditani?"

Bambo, tambala wa aneba musamuimbe mlandu kaye. Atatu pa 11 ndi nambala yomwe ineyo ndikanayembekezera ngakhale nkhuku zanuzo zikanakhala zotsekeredwa usana ndi usiku. Tengani pepala ndi bolopeni tiwerengere limodzi, mudzionere nokha.

Chibadwa chilichonse, kaya ndi khosi, kaya ndi lipombo, mwanapiye amachitenga kawiri, mbali imodzi kwa tambala ina kwa thadzi. Tinthu tonyamula chibadwacho a sayansi amati majini, osati aja a mizimu ayi, awa ndi a m'thupi. Jini ya kameta tiyilembe K wamkulu, ya khosi lanthenga k wamng'ono. Nkhuku iliyonse ili ndi zilembo ziwiri basi: KK, Kk kapena kk. Ndiye nkhani ili apa, K ndi wamphamvu, akangopezeka mmodzi yekha khosi limameteka ndithu, pomwe k ndi wobisala, kuti aonekere mpaka akumane ndi k mnzake. Ana a sukulu amati dominanti ndi risesivu. Choncho nkhuku ya Kk mukaiona ndi kameta weniweni koma mkatimo yasunga nthenga za agogo ake.

Pano jambulani bokosi la zipinda zinayi. Zilembo za tambala pamwamba, za thadzi kumbali, ndipo chipinda chilichonse mulembemo chilembo chochokera pamwamba ndi chochokera kumbali.

```
       K     k
K     KK    Kk
k     Kk    kk
```

Zipinda zitatu zili ndi K, amenewo ndi akameta. Chimodzi ndi kk, ndi uja wanthenga. Ndiye kuti pa anapiye anayi alionse mmodzi akuyembekezeka kukhala wanthenga, pa 12 atatu, inu mwapeza atatu pa 11. Ndipo anapiye atatuwo akuuzaninso chinthu china chomwe maso sakanakuuzani, ngati bambo wawo ndi tambala wanuyo ndiye kuti iye ndi thadzi lomwe onse ndi Kk, palibe KK pamenepo, chifukwa kholo la KK lilibe k woti lipereke. Bokosili linatchuka ndi Reginald Punnett wa ku Cambridge ku Mangalande cha m'ma 1905, ndipo naye ankafufuza nkhuku zomwezi.

Koma musatenge ngati bokosi likulonjeza kuti mazira anayi alionse atuluka atatu ndi mmodzi ndendende. Dzira lililonse lili ndi mwayi wakewake, ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Thadzi lomwelo ulendo wina likhoza kuswa 8 onse akameta, ulendo wina 5 pa 10 anthenga, mukaphatikiza maulendo angapo mpamene nambala imayandikira mmodzi pa anayi. Nthawi yokayikira tambala wa kwina ndi iyi: tambala wanthenga, thadzi lanthenga, koma mwatuluka mwanapiye wa kameta. kk ndi kk sangabale K ngakhale pang'ono. Pamenepo mwina panalowa tambala wina, mwinanso thadzi lina linaikira dzira m'chisa chomwecho, zija zimachitika kawirikawiri pakhomo.

Tsopano zoti khola lonse likhale kameta. Mukufunika tambala wa KK, chifukwa iyeyo kaya akwere thadzi lotani, mwanapiye aliyense alandira K. Pa akameta 8 mwatsala nawowo, bokosi likuti pafupifupi mmodzi pa atatu ndi KK, enawo ndi Kk ngati makolo awo. Kuwasiyanitsa kwake, yambani ndi maso. K saphimba k kotheratu ayi, nchifukwa chake kameta wa Kk amakhala ndi kamtolo ka nthenga kooneka bwino kutsogolo kwa khosi, chakumunsi pafupi ndi chithokomiro, pomwe wa KK kamtoloko kamakhala kochepetsetsa mwinanso osakhalapo, ndipo thupi lonse nthenga zimakhala zochepa. Kuchepa nthengako ndi kumene kumazithandiza kupirira kutentha ngati kwa kwanu ku Chigwa cha Shire, ndiye maganizo anu ofuna kameta ine ndikugwirizana nawo.

Maso amanamiza nthawi zina, ndiye muyeseni tambalayo. Akakula mpatseni mathadzi awiri kapena atatu a khosi lanthenga, a Mikolongwe akuda aja ndi abwino pa ntchitoyi poti onse ndi kk.

```
       K     k              K     K
k     Kk    kk       k     Kk    Kk
k     Kk    kk       k     Kk    Kk
```

Kumanzereko ndi tambala wa Kk, theka la anapiye lituluka lanthenga. Kumanja ndi wa KK, onse kameta. Masiku 21 akakwana yankho mulipeza tsiku loswa lomwelo chifukwa khosi la kameta limaoneka mwanapiye akadali wa tsiku limodzi. Mmodzi yekha wanthenga akapezeka, tambalayo ndi Kk, nkhani yatha. Koma akaswa atatu okha onse akameta musathamangire kusangalala, tambala wa Kk amatha kutero kamodzi pa maulendo 8. Akafika 7 onse akameta mwayi woti tambala wa Kk achite mphumi chonchi ndi umodzi pa 128, akafika 10 ndi umodzi pa 1,024, pamenepo mukhoza kumukhulupirira. Pomwe alimi ambiri amalakwitsa ndi apa: thadzi limasunga umuna wa tambala m'thupi mpaka masabata awiri kapena atatu. Ndiye mathadziwo muwapatule kwa tambala aliyense mwezi wathunthu musanawapatse woyesedwayo, apo ayi mudzawerenga ana a tambala wina nkumupha wabwino.

Dziwaninso kuti ana a tambala wa KK ndi mathadzi anthenga onse ndi Kk. Akadzakwerana okhaokha tabwerera ku bokosi loyamba lija, nthenga zitulukanso pa mmodzi mwa anayi. Zimasowa m'badwo umodzi nkubwera wachiwiri. Kuti zitheretu mpaka mathadzi nawo akhale KK, ndipo chonde musazifune pokweretsa tambala ana ake omwe chaka ndi chaka, anapiye amayamba kufooka, mazira ambiri osaswa. Sinthanani atambala ndi mlimi wa mudzi wina amene ali ndi kameta.

Palinso mtundu wina wa chibadwa umene palibe wophimba mnzake, onse awiri amaonekera, amati kodominanti. Chitsanzo chodziwika ndi ng'ombe za mtundu wa Shotihoni za ku Mangalande. Nkhunzi yofiira ikakwera yaikazi yoyera, mwana satuluka wofiira kapena woyera, amakhala ndi ubweya wofiira ndi woyera wosakanikirana thupi lonse, mukayandikira mumaona tsitsi lofiira palokha loyera palokha. Apa zilembo zonse timalemba zazikulu, F yofiira ndi Y yoyera, mwanayo ndi FY. Awiri a FY akakwerana:

```
       F     Y
F     FF    FY
Y     FY    YY
```

Mmodzi wofiira, awiri osakaniza, mmodzi woyera. Ubwino wake apa palibe chobisala, mukangoiona ng'ombe mwadziwa kale zilembo zake, sipafunikanso kuyesa ngati tachitira ndi tambala uja. Koma mtundu wosakanizawo simungaukhazikitse m'khola, theka la ana lizibwerera ku zofiira ndi zoyera nthawi zonse.

Bokosili limagwira pa chibadwa choyendetsedwa ndi jini imodzi ngati khosi la kameta. Kuikira mazira ambiri, kukula msanga ndi kulemera kwa nkhuku zimayendetsedwa ndi majini ambirimbiri kuphatikizapo chakudya ndi matenda, zimenezo musazijambulire bokosi, muzilemba m'kope mazira a thadzi lililonse ndi kulemera kwa ana ake. Ndiye posankha tambala wa KK uja pakati pa 8 anuwo, tengani amene akukulanso bwino kuposa anzake, ndipo onse 11 alandire katemera wa chitopa, anthenga atatu aja nawonso.